Kuchuluka kwa ana oyezedwa sikuchepetsa kusiyana kwa ana

M'malipoti a zaumoyo mumapezeka kachizindikiro aka, ±, pakati pa manambala awiri. Mwachitsanzo, lipoti likhoza kunena kuti ana obadwa pa chipatala china amalemera makilogalamu 3.0 ± 0.05. Nambala yoyambayo ndi avereji, ndipo sivuta kuimva. Yachiwiriyo ndiyo imasokoneza, chifukwa olemba ena amaikapo sitandadi diviyeshoni, yomwe m'matebulo imalembedwa SD, pomwe ena amaikapo sitandadi era, yolembedwa SE, osanena kuti aika iti. Ziwirizi zimayankha mafunso osiyana, ndipo wozisokoneza akhoza kukonzera ana ochepa malo m'wodi pomwe ofunika chithandizo ndi ambiri. Maganizo athu ndi akuti lipoti lililonse lizinena poyera nambala yomwe laika, komanso chiwerengero cha anthu omwe anayezedwa.

Tiyambe ndi SD, pogwiritsa ntchito manambala ongoyerekeza. Tinene kuti usiku wina mwabadwa ana asanu, ndipo sikelo yaonetsa makilogalamu 2.3, 2.9, 3.0, 3.1 ndi 3.7. Tikaphatikiza tipeza 15, tikagawa ndi 5 tipeza avereji ya 3.0. Tsopano tione mmene mwana aliyense watalikirana ndi averejiyo. Woyamba waperewera ndi 0.7, wachiwiri waperewera ndi 0.1, wachitatu ali pomwepo, wachinayi wapitirira ndi 0.1, ndipo wachisanu wapitirira ndi 0.7. Nambala iliyonse mwa izi timaichulukitsa ndi iyo yomwe, kuti zoperewera ndi zopitirira zisafafanizane: 0.49, 0.01, 0, 0.01 ndi 0.49. Zonse pamodzi ndi 1.0. Timagawa ndi chiwerengero cha ana titachotsapo mmodzi, kutanthauza 4, ndipo tipeza 0.25. Pomaliza timafuna sikweya ruti ya 0.25, ndiye kuti nambala yomwe ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 0.25. Nambalayo ndi 0.5.

Choncho SD ya ana amenewa ndi theka la kilogalamu, kapena magalamu 500. Ikutiuza mmene ana akusiyanirana wina ndi mnzake. Pa zinthu zomwe ambiri amaunjikana pakati, ochepa n'kukhala kumbali zonse ziwiri mofanana, pafupifupi 68 mwa 100 alionse amakhala mkati mwa SD imodzi kuchokera pa avereji, ndipo pafupifupi 95 mwa 100 amakhala mkati mwa ma SD awiri. Kulemera kwa ana obadwa kumayandikira ndithu maonekedwe amenewa, ngakhale kuti ana obadwa masiku asanakwane amachulukitsako mbali ya opepuka. M'chitsanzo chathu, ana ambiri adzakhala pakati pa makilogalamu 2.5 ndi 3.5, ndipo pafupifupi onse pakati pa 2.0 ndi 4.0.

Kodi SD ingachepe tikayeza ana ambiri? Ayi. Kusiyana kwa ana kumachokera ku masabata omwe mimba inatha, kadyedwe ka mayi, malungo ali woyembekezera, mapasa, msinkhu wa makolo ndi zina zotero. Namwino akalemba ana 1,000 m'kaundula m'malo mwa asanu, zinthu zimenezi sizisintha. Mwana wa makilogalamu 2.3 sanenepa chifukwa anzake ambiri ayezedwa. Chimene chimachitika n'chakuti SD yowerengedwa pa ana ochepa imadumphadumpha, lero 0.3 mawa 0.7, koma ana akachuluka imakhazikika pafupi ndi mlingo wake weniweni.

SE ilibe nawo ntchito mwana mmodzi payekha. Iyo imanena za avereji. Ana asanu a usiku uja anapereka 3.0, koma asanu a usiku wotsatira akhoza kupereka 2.8, ndipo ena asanu 3.3. Ngati cholinga chathu ndi kudziwa avereji ya ana onse obadwa m'deralo, tiyenera kudziwa kuti avereji ya kagulu kamodzi ikhoza kuphonya ndi zingati. SE ndiyo imayeza kugwedezeka kumeneku. Siifuna kuti tibwereze kafukufuku kambirimbiri, chifukwa pali njira yachidule, pomwe n ndi chiwerengero cha oyezedwa:

SE = SD ÷ √n

Pa ana asanu aja, SE ndi magalamu 500 kugawa ndi sikweya ruti ya 5, yomwe ndi pafupifupi 2.24, ndipo tipeza pafupifupi magalamu 220. Tikayeza ana 25, timagawa 500 ndi 5 n'kupeza magalamu 100. Pa ana 100 timagawa ndi 10 n'kupeza 50. Pa ana 400 timagawa ndi 20 n'kupeza 25. SD sinasunthe pa 500, koma SE ikutsika nthawi iliyonse.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Tinene kuti pakati pa oyezedwa pabadwa chimwana cha makilogalamu 4.5, chomwe chapitirira avereji ndi magalamu 1,500. Pa gulu la ana asanu, chimwanachi chokha chimakweza avereji ndi magalamu 300. Pa gulu la ana 100 chimaikweza ndi magalamu 15 okha. Komanso pa gulu lalikulu pamapezeka ana opepuka omwe amakokera avereji pansi, motero zopitirira ndi zoperewera zimalipirana.

Koma sizilipirana ndendende, ndipo apa ndi pomwe sikweya ruti imalowera. Tikaphatikiza kulemera kwa ana 100, chiphatikizocho chimasiyana kuchoka pa gulu lina kupita pa linzake. Ana onse akanakhala kuti amapitirira kapena kuperewera limodzi, kusiyanako kukanakhala magalamu 500 kuchulukitsa ndi 100. Poti aliyense amagwera mbali yake mosaonera mnzake, kusiyanako kumangokula ka 10, kufika makilogalamu 5. Ndiye tikagawa makilogalamu 5 amenewa ndi ana 100 kuti tipeze avereji, pamatsala magalamu 50 aja. Tanthauzo lake kwa wokonza kafukufuku ndi lowawa pathumba: kuti SE itsike ndi theka, oyezedwa ayenera kuchuluka kanayi, osati kawiri. Kuchoka pa ana 25 kufika pa 100 kumachotsa magalamu 50 pa SE, koma kuonjezera ana ena 300 kumangochotsa 25.

Tibwerere ku lipoti lija la 3.0 ± 0.05, ndipo tinene kuti linayeza ana 100. Wowerenga amene akuganiza kuti 0.05 ndi SD anena kuti pafupifupi ana onse amabadwa pakati pa makilogalamu 2.9 ndi 3.1. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati mwana wosakwana makilogalamu 2.5 wabadwa wopepuka, ndipo ana otere amafunika kuwayang'anira mwapadera pa kutentha kwa thupi ndi kuyamwa, ena mwa iwo n'kusamalidwa mwa njira ya kangaru, yogoneka mwana pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu. Wowerenga uja aganiza kuti ana otere kulibe pa chipatalapo. Zoona zake n'zakuti 0.05 ndi SE, SD ndi 0.5, ndipo malire a 2.5 ali pa SD imodzi yokha pansi pa avereji. Ndiye kuti pafupifupi ana 16 mwa 100 alionse ali pansi pa malirewo. Mpata wa 2.9 mpaka 3.1 ukungonena komwe avereji yeniyeni ikuyembekezeka kukhala, osati komwe ana ali.

Mungazindikire bwanji ngati olemba sananene? Choyamba, funsani ngati nambalayo ikugwirizana ndi zomwe maso amaona. Aliyense amene anafikapo m'wodi ya amayi ochira amadziwa kuti ana sasiyana ndi magalamu 50 okha. Chachiwiri, yang'anani magulu a kukula kosiyana m'tebulo lomwelo: ngati nambala ya pambuyo pa ± ili yaing'ono kwambiri pa gulu lalikulu, n'kukhala yaikulu pa gulu laling'ono, mwina ndi SE. Chachitatu, chulukitsani nambalayo ndi sikweya ruti ya chiwerengero cha oyezedwa. Apa 0.05 kuchulukitsa ndi 10 kukupereka 0.5, yomwe ikumveka ngati kusiyana kwenikweni kwa ana. N'chifukwa chake lipoti lobisa chiwerengero cha oyezedwa limamanga manja owerenga.

SE nayo ili ndi ntchito yake yomwe SD singaigwire. Chipatala chaching'ono chomwe chimabadwitsa ana 25 pamwezi chikhoza kuona avereji itatsika kuchoka pa 3.0 kufika pa 2.9. Anthu asanayambe kuloza njala kapena malungo, akumbukire kuti avereji ya mwezi uliwonse ili ndi SE ya magalamu 100. Kutsika kwa magalamu 100 kukhoza kungochitika mwamwayi popanda chosintha chilichonse m'mudzi. Kutsika komweko kukaoneka pa ana 2,500 mbali iliyonse, pomwe SE ndi magalamu 10, pamenepo pali nkhani yofunika kuifufuza.

Komabe SE yaing'ono si umboni woti nambala ndi yoona. Sikelo ikamanama ndi magalamu 200, idzanama chimodzimodzi pa ana 10 ndi pa ana 10,000. SE idzatsika bwinobwino, koma mozungulira nambala yolakwika. Chimodzimodzinso kuyeza ana a pa chipatala chachikulu chokha, chomwe chimalandira amayi otumizidwa chifukwa cha mavuto, kenako n'kunena kuti ndi mmene ana a boma lonse alili. Wogula matimati sangadziwe za pansi pa dengu pongoonjezera kusankha a pamwamba.

Njira ija ya SD ÷ √n imafunanso kuti oyezedwa asankhidwe mosadalirana. Kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015-16, womwe unayendetsedwa ndi ofesi ya boma yoona za chiwerengero ku Zomba, unafunsa amayi oposa 24,000, koma anasankhidwa m'magulu a nyumba zoyandikana. Anthu a mudzi umodzi amamwa madzi amodzi ndipo amapita ku chipatala chimodzi, choncho amafanana kuposa anthu otoledwa mwa apo ndi apo. Pa chifukwachi SE ya kafukufuku wotere imawerengedwa mwa njira ina, ndipo kawirikawiri imakhala yokulirapo. Manambala a boma limodzi amagwedezekanso kwambiri kuposa a dziko lonse, poti oyezedwa ake ndi ochepa. Izi n'zofunika kuzikumbukira tisanalengeze kuti boma lakuti laposa lakuti.

Pempho lathu kwa olemba malipoti, ophunzira a m'makoleji a zaumoyo ndi atolankhani ndi ili. Mukamafotokoza mmene odwala kapena ana akusiyanirana, lembani SD. Mukamafotokoza mmene avereji yanu ingadaliridwire, kapena mukamayerekeza magulu awiri, lembani SE. Musasankhe SE chabe chifukwa ndi yaing'ono ndipo ikukongoletsa tebulo. Ndipo inu owerenga, mukaona ±, funsani kuti nambala yotsatirayo ndi iti komanso kuti anayeza anthu angati, musanawerengere mabedi, mankhwala kapena anamwino pa nambala imeneyo.