Mawu apansi pa chithunzi cha basale

Mayina a opeza basale akangotuluka, mafoni a mu Chipata amadzaza zithunzi: mwana atagwira kalata, kumwetulira mpaka m'makutu, pansi pake atalemba kuti, "Sindikudziwa kuti zachitika bwanji, ndi chisomo chabe." Ine ndimakhulupirira chisomo, koma mawu amenewa amandikwiyitsa pang'ono. Mwanawe ukudziwa bwinobwino mmene zachitikira. Unadzaza fomu, unayenda ndi mapazi kukasainitsa, unadikira miyezi. Mng'ono wako amene ali mu Giredi 12 ku Chizongwe kapena ku St. Monica's akufuna kumva njira imeneyo, ndipo kudzichepetsa kwakoko kwamubisira.

Choyamba n'kutchula chinthucho ndi dzina lake. Ndalama zimene HELSB imalipirira ophunzira pa UNZA kapena CBU ndi ngongole, udzabweza ukayamba ntchito. Ukalemba kuti "ndawina sikolashipu", achibale kumudzi adzayesa kuti zonse ndi zaulere. Basale ya CDF ndi ina: sibwezedwa, ndipo kuyambira 2022 imalipirira ana a sekondale yogonera komweko ndi achinyamata ophunzira ntchito zamanja. Fomu yake imadzera ku komiti ya chitukuko ya m'wadi, pamodzi ndi kalata yakuti sukulu yakulandira.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Luangeni amene wapeza malo pa Chipata Trades. Angalembe motere: "Ndalandira basale ya CDF yokaphunzira zamagetsi. Zikomo amayi, amene munagulitsa nshawa kuti ndipeze ndalama zoyendera. Zikomo aphunzitsi anga a masamu, munkatsala nafe ena ataweruka. Amene mukufuna fomu, funsani ku komiti ya m'wadi mwanu." Palibe pamene wadzitama, palibenso pamene wanama. Aliyense wathokozedwa pa chimene anachitadi, ndipo mphunzitsi wotere, amene mwina anayesa kuti palibe anaona, adzawerenga kawiri.

Pali kuthokoza kwina kumene kumandichititsa manyazi: ndime yonse kutamanda aphungu ngati atulutsa ndalama m'thumba mwawo, mphunzitsi n'kupatsidwa mawu awiri kumapeto. CDF ndi ndalama za boma, za misonkho, ndipo mayi wogulitsa tomato pa Kapata ali ndi gawo lake mmenemo. Aulemu athokozedwe, inde, koma mzere umodzi ukwana.

Pewaninso mawu akuti "adani anga aone". Mnzako amene munakhala naye benchi imodzi anapereka fomu yomweyo ndipo dzina lake silinatuluke, iyenso akuwerenga.

Kalatayo musanaijambule, phimbani nambala ya NRC ndi ya foni. Akathyali amatola zimenezi n'kuimbira makolo kuti atumize ndalama "zotsimikizira malo", ndipo kholo losangalala silichedwa kutumiza.