Kamvuluvulu wa pamphumi si wolimbana naye

Pamphumi panga, chakumanzere pang'ono, pali kamalo kakakulu ngati chala chachikulu pomwe tsitsi limamera mozungulira, kuloza kumwamba ndi kumbali, pamene lina lonse likugonera kutsogolo. Kwathu ku Mtakataka agogo ankangoti ndi kamvuluvulu wanga. Ku sekondale tinkameta tonse, atsikana ndi anyamata, ndipo zaka zinayi zonsezo ndinkatuluka m'babashopu ndi kachigamba kowala pamalo amenewa. Anzanga ankati dazi layamba msanga.

Silinali dazi. Tsitsi lililonse limatuluka m'khungu mopendekeka, ndipo kupendekeka kumeneku munthu amabadwa nako. Kumeta mpala sikukusintha, mafuta sakusintha, burashi imangoligoneka kwa maola ochepa. N'chifukwa chake ndikuti tisiye kusankha kametedwe pa chithunzi chomata pakhoma la babashopu, kenako n'kumakakamiza mutu kuti ufanane nacho. Tiyambe taona komwe tsitsi likulowera.

Chomwe chinkandichitikira n'chosavuta kumva. Mashini akamayenda motsatira komwe tsitsi lagonera amachotsa lochepa, akamayenda molimbana nalo amadula kwambiri. Wometa akamatsitsa mashini kuchokera paliwombo kupita pamphumi, mutu wonse akuutsatira bwino, koma akafika pa kamvuluvulu uja, mosadziwa, wayamba kulimbana nalo. Kachipeso ka pamashini n'komweko, dzanja n'lomwelo, koma pamenepo tsitsi latsala lalifupi ndipo khungu likuonekera. Ndiye amaona kuti mzere wa pamphumi wakhota, n'kutenga lezala kuti awongole. Apa m'pamene ndimadandaula kwambiri. Amaukankhira mzerewo m'mbuyo mpaka udutse kachigamba kaja. Tsiku loyamba mumaoneka bwino. Pakatha sabata timatsitsi tamera kutsogolo kwa mzere ngati udzu wa mvula yoyamba, ndipo ulendo wotsatira amaukankhanso.

Amene anandimasula anali wometa wina wa pa Golomoti, tsiku lomwe ndinkadikira galimoto yokwera phiri kupita ku Dedza boma. Asanayatse mashini anapesa kaye, n'kusisita pamphumipo ndi chala mbali zonse. "Achemwali, apa sitidutsa kamodzi ndi ponseponse," anatero. Mutu wonse anameta ndi nambala 1, yomwe imasiya mamilimita atatu. Pa kamvuluvulu anaika nambala 2, ya mamilimita asanu ndi limodzi, n'kumatembenuza mashini pang'onopang'ono kutsatira kuzungulira kwa tsitsilo. Mzere anangoupukuta pomwe unabadwira, ngakhale kuti si wowongoka ngati wa rula. Ndinayang'ana pagalasi, chigamba panalibe.

Kuyambira pamenepo ndinaona kuti kamvuluvulu amamvera pawiri pokha: tsitsi likakhala lalifupi kwambiri moti silingaime, kapena lalitali moti kulemera kwake kukuligwetsa. Pakati m'pamene pali nkhondo. Nditafika ku koleji ndinalisunga, n'kuliwongola, ndipo ndinafuna logwera pamphumi lija. Ndinalidula ndekha lili lonyowa, nditalikoka ndi chipeso mpaka pansidze. Litauma, mbali ya kamvuluvulu inadzuka n'kugawikana, pakati n'kutsala mpata ngati katani yotsegula. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, lathuli mwinanso kucheperapo, ndiye kulakwitsa kwa mphindi imodzi ndinakulipira ndi miyezi itatu ya duku.

Amene mukufunabe logwera pamphumi, dulani lili louma, litagona mmene limagonera lokha, osalikoka. Mbali ya kamvuluvulu musiyeko sentimita imodzi kapena iwiri yoonjezera, chifukwa ikadzuka ifupika. Tengani tsitsi lambiri kuchokera chakumbuyo kuti lizilemera pamwamba pake. Lopyapyala limagawikana msanga. Ndipo ngati likutsegukabe pamalo amodzimodzi, pamenepo ndiye pogawira tsitsi lanu, ligwetsereni chammbali.

Ena anena kuti jelo, burashi ndi kumanga duku usiku zimathetsa zonsezi. Zimathandizadi, makamaka mukaligoneka lidakali lonyowa. Koma zimenezo zimagwira bwino kozizira, ku Dedza boma kapena ku Zomba mwezi wa Juni. Yesani kuyenda kuchokera pa msewu wa M5 kukwera ku Mua masana mu Okutobala: thukuta limayambira pamphumi pomwepo, tsitsi likanyowa limabwerera komwe linabadwira musanafike n'komwe pa mishoni. Choopsa kwenikweni n'choti ena, pofuna kuligonjetsa, amalikoka mwamphamvu poluka kapena kubwerezabwereza mankhwala owongolera pamalo amodzi. Tsitsi la m'mphepete mwa mphumi n'losalimba, ndipo likamakokedwa zaka zambiri limatha kuthothoka osameranso. Ilo ndiye dazi lenileni.

Pano ndinabwerera ku lalifupi. Ndikakhala pampando wa wometa wachilendo, ndimagwira dzanja lake asanayatse mashini, n'kuliika pamphumi: "Achimwene, tayambani mwaona apa."