Chizindikiro Chofanana Sichitanthauza Mwini Mmodzi

Kwa Ndamera, m'boma la Nsanje, katundu wogulitsa amachokera mbali ziwiri. Wina amatsika ndi msewu wochokera ku Blantyre kudzera ku Chikwawa ndi Bangula, wina amalowera pa chipata cha Marka kuchokera ku Mozambique. Pofika pamsika katundu yenseyu amayalidwa pa thebulo limodzi, ndipo mapaketi ena amalembedwa m'Chingerezi, ena m'Chipwitikizi. Ogula ambiri sawerenga zilembozo. Iwo amangoyang'ana chithunzi ndi mtundu wa pepala, nati, "Ndi yomweyi." Chizolowezi chimenechi ndicho chimene anthu achinyengo amadyerapo, choncho nkoyenera kuti aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu achimvetse bwino.

Poyamba pafunika kudziwa kuti kufanana kwa zizindikiro si umbava nthawi zonse. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la zizindikiro za malonda la chaka cha 2018, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1957. Kampani ikamalembetsa chizindikiro chake m'kaundula wa boma, imatchula mtundu wa katundu amene chizindikirocho chidzaikidwepo. Pa mgwirizano umene maiko anapangana mu mzinda wa Nice ku France m'chaka cha 1957, malonda onse amagawidwa m'magulu, ndipo lero magulu ake ndi 45: a katundu 34 ndi a ntchito zothandiza anthu 11. Nchifukwa chake mkango umaoneka pa galimoto za Peugeot, pa machesi a Lion a ku South Africa, ndiponso pa mbewu ya chimanga ya Seed Co yotchedwa Mkango. Makampani atatuwa ndi osiyana, koma palibe amene wabera mnzake, pakuti munthu wofuna machesi sangabwerere kunyumba ndi mbewu chifukwa cha chithunzi cha mkango.

Chifukwa chachiwiri ndi malire a maiko. Chizindikiro chimatetezedwa m'dziko limene chinalembetsedwa, osati padziko lonse. Anthu amene ali ndi abale ku Joni amawadziwa malaya okhala ndi munthu wokwera kavalo pachifuwa, olembedwa dzina loti Polo. Ambiri amayesa kuti malaya onse otere ndi a kampani ya Ralph Lauren ya ku Amereka, imene inayamba m'chaka cha 1967. Koma zovala za Polo zogulitsidwa m'masitolo a ku South Africa ndi za kampani ina ya komweko, imene inayamba malonda amenewa m'chaka cha 1976, ndipo kavalo wake amayang'ana mbali yosiyana ndi wa ku Amereka. Onsewa ndi malonda ololedwa. Komabe wogula pa kaunjika amene walipira ndalama zambiri poganiza kuti wapeza malaya a ku Amereka wasokonezeka ndithu. Chomwechonso, chizindikiro cholembetsedwa ku Mozambique chingathe kukhala ndi mwini wina kuno, ngakhale kuti Marka ndi tsidya lake nkoyenda pansi.

Mtundu wachitatu ndiwo woopsa, ndiwo kufanizira mwadala. Apa pali njira ziwiri. Wina amasintha chilembo chimodzi cha dzina lotchuka, nasiya mitundu ya paketi monga momwe ilili, kuti diso lothamanga lisazindikire. Wina sasintha kanthu konse: amasindikiza paketi yeniyeni, kapena kutolera mapaketi otha ntchito, naikamo zake. Pa nsapato chinyengo chotere chimangotayitsa ndalama. Pa mbewu chimatayitsa chakudya cha banja.

Nkhani ya mbewu ya chimanga ikuonetsa bwino m'mene zimachitikira. Madzi osefukira akaphwa, alimi a m'Chigwa cha Shire amabzala m'madimba, ndipo ambiri amafuna mbewu yocha msanga, monga ija ya nyani yotchedwa Kanyani. Kampani inasankha zithunzi za nyama kuti athandizike alimi osadziwa kuwerenga, koma wachinyengo amapezerapo mwayi pa zithunzi zomwezo. Iye amagula chimanga chakudya pamsika, nasankha maso akuluakulu, nawapaka utoto kuti aoneke ngati othiridwa mankhwala, kenaka nkumata paketi yokhala ndi nyani. Ekala imodzi imalowa mbewu pafupifupi makilogalamu 10, ndiye kuti mapaketi asanu a makilogalamu awiri. Mlimi amene wagula mapaketi asanu onama sataya mtengo wa mbewu yokha. Amalima, amapalira, mwina amathira feteleza, ndipo choonadi chimaoneka patapita miyezi iwiri, pamene mapesi ena atalika, ena afupika, ngaiyaye zikutuluka nthawi zosiyana. Pamenepo chinyontho cha m'dimba chatha ndipo nthawi yobzalanso yapita. Akuluakulu ananena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono wogula angadziteteze bwanji? Chithunzi achisiye kaye, awerenge zilembo zing'onozing'ono. Paketi ya mbewu yovomerezeka imakhala ndi dzina ndi keyala ya kampani, dzina la mtundu wa mbewu, nambala ya gulu limene mbewuyo inapakiridwa, ndi tsiku limene inayesedwa. Paketi yopanda zimenezi, kapena yooneka kuti inatsekulidwa nkumatidwanso, njokayikitsa. Mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa m'sitolo yodziwika ndi chenjezo linanso. Koposa zonse, wogula apemphe lisiti, asunge paketi mpaka atakolola, pakuti dandaulo lopanda umboni silipita patali.

Palinso njira yoyesera mbewu pakhomo. Mlimi awerenge maso a chimanga 100, awakulunge m'chiguduli chonyowa, achiike pamthunzi namawaza madzi tsiku ndi tsiku. Pakatha masiku 7 awerenge amene amera. Mbewu yabwino imamera pafupifupi 90 kapena kuposa. Koma njira imeneyi ili ndi malire ake amene ayenera kunenedwa poyera. Imaulula mbewu yakale kapena yofumbwa, koma siulula mtundu wake, chifukwa chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto nacho chingathe kumera bwino. Choncho chitetezo chachikulu chili pa malo ogulira: wogulitsa wokhazikika, wokhala ndi chilolezo, amene adzapezeka pomwepo mwezi wamawa, osati wongoyala katundu tsiku la msika nkuzimirira.

Boma lili ndi mabungwe oyang'anira zimenezi. Malawi Bureau of Standards, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, imaona za ubwino wa katundu. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula onyengedwa. Ndipo lamulo latsopano la mbewu linakhazikitsidwa m'chaka cha 2022. Koma maofesi akuluakulu a mabungwewa ali kutali ndi Ndamera, ndipo oyendera misika sangafike pa thebulo lililonse. Nkofunika kuti maulendo awo m'misika ya m'malire azichitika nyengo yobzala isanafike, osati alimi atalira kale.

Pakali pano, udindo waukulu uli ndi amene amadziwa kuwerenga. Mphunzitsi angathe kubweretsa m'kalasi mapaketi awiri ofanana maonekedwe, nauza ana kuti apeze dzina la mwini wa iliyonse. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu aperekeze agogo ake kumsika pa tsiku logula mbewu, atembenuze paketi, awawerengere zolembedwa kuseri ndalama zisanatuluke pa nsonga ya chitenje.