Kalata ya m'mawa yochokera ku zigayo

Munthu amene ali ndi zigayo zitatu, tinene china ku Lunzu, china ku Chirimba, china ku Bangwe, sangapezeke konseko dzuwa likamalowa. Chimene amafuna n'chochepa: akadzuka adziwe kuti dzulo chigayo chilichonse chinapeza ndalama zingati. Ambiri amachita kuimbira anyamata mmodzimmodzi, wina foni yathima, wina akuti adikire awerenge kaye, ndipo pofika kumapeto kwa mwezi palibe pamene manambalawo analembedwa pamodzi. Sabata ino ndikufuna tione mmene ntchitoyi ingadziyendere yokha, popanda kulemba pulogalamu, pogwiritsa ntchito fomu, tebulo ndi imelo.

Zida zake ndi zinayi. Google Forms ndi fomu imene woyendetsa chigayo amadzaza pafoni. Google Sheets ndi tebulo m'mene mayankho amagwera. Gmail ndi yotumizira kalata. Chachinayi ndi cholumikiza, ndipo zodziwika kwambiri ndi Zapier ndi Make, yomwe mpaka 2022 inkatchedwa Integromat. Ine pa ntchito iyi ndimasankha Make, ndipo chifukwa chake ndi cha ndalama. Zapier yaulere imalola masitepe awiri okha, pamene ife tikufuna atatu: nthawi ikwane, tebulo liwerengedwe, kalata ipite. Ku Make nthawi siiwerengedwa ngati sitepe yapadera, ndiye zonse zimakwanira mu gawo laulere.

Tiyambire pa fomu, chifukwa mavuto ambiri amene amadzaonekera mu imelo amabadwira pamenepa. Mafunso akhale atatu: chigayo, tsiku, ndalama. Funso la chigayo lisakhale lolemba pamanja. Sankhani `Dropdown` n'kuikamo mayina atatuwo, chifukwa mukasiya poyera wina adzalemba "Lunzu", mawa "ku Lunzu", mkuja "Lunzu chigayo", ndipo tebulo lidzaona zigayo zitatu zosiyana. Pa funso la ndalama tsegulani `Response validation` musankhe `Number`, kuti amene walemba "K85,000 koma 5,000 tagula girisi" abwezedwe alembe nambala yokha. Za girisizo mutha kuzipatsa funso lakelake.

Funso la tsiku ena amaliona ngati losafunika, poti fomu imadinda yokha nthawi mu kolamu yoyamba yotchedwa `Timestamp`. Koma chidindocho chimanena nthawi imene yankho lafika, osati tsiku limene chimanga chinagayidwa. Fomu ya Google siitumizika popanda intaneti. Netiweki ikavuta madzulo a Lachiwiri, mnyamata n'kutumiza Lachitatu mbandakucha, ndalama za Lachiwiri zidzawerengedwa ngati za Lachitatu. Choncho ikani funso la mtundu wa `Date`, lokakamiza kuyankha.

Mukalumikiza fomu ndi tebulo, mayankho amagwera pa tsamba lotchedwa `Form Responses 1`: nthawi mu kolamu A, chigayo mu B, tsiku mu C, ndalama mu D. Tsamba limeneli musaligwire. Musasinthe dzina lake, musalembemo masamu m'mbali. Yankho latsopano likafika, fomu imalowetsa mzere wakewake, ndipo masamu amene munakokera pansi ndi dzanja salowa mu mzere umenewo.

Apa ndi pamene pali mfundo yanga yaikulu. Anthu akangodziwa cholumikiza amafuna kuti chichite zonse: chisefe mizere, chiphatikize ndalama, chilembe ziganizo. Ine ndimati kuganiza konse kuchitikire mu tebulo, pamene mukuona ndi maso anu ngati nambala yalakwika, ndipo cholumikiza chikhale mtenga chabe, wotenga kalata yomata kale n'kukaisiya kumene yalembedwa. Tsegulani tsamba lachiwiri, mulitche `Uthenga`. Mu A2, A3 ndi A4 lembani mayina a zigayo monga momwe alili pa fomu. Mu B2 ikani izi, zophatikiza ndalama za dzulo za chigayo cha mu A2:

```
=SUMIFS('Form Responses 1'!D:D,'Form Responses 1'!B:B,A2,'Form Responses 1'!C:C,TODAY()-1)
```

Pakanathera pamenepa pakanakhala msampha. Fomulayi imapereka 0 pa zinthu ziwiri zosiyana kotheratu: tsiku limene magetsi anathima chigayo osalira n'komwe, ndi tsiku limene mnyamata sanatumize lipoti. Mwini chigayo akaona 0 ayenera kudziwa ngati akufunika kudandaula za magetsi kapena kuimba foni. N'chifukwa chake mu C2 timawerenga kuti malipoti afika angati, ndipo mu D2 timalemba chiganizo chimene chidzawerengedwe:

```
=COUNTIFS('Form Responses 1'!B:B,A2,'Form Responses 1'!C:C,TODAY()-1)
=A2&": "&IF(C2=0,"SANATUMIZE",IF(C2>1,"ATUMIZA KAWIRI",B2))
```

Mawu akuti atumiza kawiri musawachotse. Foni ikamazungulira osaonetsa kuti yankho lapita, munthu amadzazanso, ndipo K85,000 imasanduka K170,000. Mwini chigayo wosadziwa adzapita ku Lunzu kukafunsa ndalama zimene kulibe, n'kumuganizira kuba mwana wa eni wosalakwa. Chinthu chimenechi chimandikhudza kuposa zonse za mu nkhaniyi, chifukwa nambala ikafika pa imelo imaoneka yoona kuposa mawu a wantchito.

Kokerani mafomula atatuwa mpaka mzere wachinayi. Kenako mu D1 muike tsiku limene lipoti likunena, ndipo mu F1 mumange zonse pamodzi:

```
=TEXT(TODAY()-1,"yyyy-mm-dd")
=TEXTJOIN("<br>",TRUE,D1:D4)
```

Kachizindikiro ka `<br>` ndi kamene kamauza imelo kuti iyambe mzere watsopano. Popanda iko zonse zimafika zitaunjikana pa mzere umodzi. Tsopano kalata yonse ili mu kabokosi kamodzi: tsiku pamwamba, kenako Lunzu: 85000, Chirimba: SANATUMIZE, Bangwe: 62000.

Ku Make kwatsala zochepa. Pangani chimene iwo amachitcha `scenario`, muikemo zigawo ziwiri. Choyamba ndi cha Google Sheets chotchedwa `Get a Cell`, mochilozera tsamba la `Uthenga` ndi kabokosi F1. Chachiwiri ndi cha Gmail chotumiza imelo, ndipo m'malo olembamo uthenga mumaikamo zimene gawo loyamba latenga. Dinani `Run once` muone ngati kalata yafika, kenako dinani kawotchi ka pa gawo loyamba, musankhe kuti izichitika tsiku lililonse 6 koloko m'mawa, n'kuyatsa. Ambiri amaiwala kuyatsako, poganiza kuti kuyesa kuja kunali kokwanira.

Onani tsopano phindu la kusiya masamu mu tebulo. Pamene ndikulemba, Make yaulere imapereka ntchito 1,000 pamwezi, ndipo gawo lililonse likagwira kamodzi limadya imodzi. Zigawo ziwiri pa masiku 31 ndi 62 zokha. Amene wasankha njira inayo, yoti Make izisuzumira mu tebulo mphindi 15 zilizonse kufuna mzere watsopano, amadya 96 patsiku ngakhale pasafike yankho ndi limodzi lomwe, ndipo 1,000 ija imatha tsiku la 11. Zinthu zimangoima pakati pa mwezi, iye n'kumadabwa kuti chawonongeka n'chiyani. Makampaniwa amasintha mitengo ndi malire awo, choncho werengani tsamba lawo la mitengo musanayambe, koma masamu a kusuzumira pafupipafupi sasintha.

Vuto limene limapusitsa anthu ambiri ndi la wotchi, chifukwa mawotchi alipo awiri. Make ili ndi yake, tebulo lili ndi yake. Malawi ali patsogolo pa nthawi ya Greenwich ndi maola awiri chaka chonse. Wotchi ya Make ikakhala pa Greenwich, kalata ya 6 koloko idzafika 8 koloko. Limenelo ndi laling'ono, mumaliona msanga. Loopsa ndi la tebulo. Likakhala pa nthawi ya ku California, komwe ali kumbuyo kwathu ndi maola 9 kapena 10 malinga ndi nyengo, ndiye kuti 6 koloko m'mawa wa Lachitatu kuno, tebulo likuganiza kuti kudakali Lachiwiri usiku. `TODAY()-1` idzapereka Lolemba, ndipo mudzalandira manambala a dzana ooneka bwinobwino. Pitani pa `File`, kenako `Settings`, musankhe nthawi ya mzinda wa kuno kum'mwera kwa Africa monga Maputo kapena Johannesburg, osati mzinda wa ku Ulaya umene umasuntha wotchi nyengo ikasintha. Pomwepo, pa `Calculation`, sankhani kuti tebulo liziwerenganso ola lililonse. Tsiku lija tinaika pamwamba pa kalata ndi mboni yanu: likasiyana ndi la dzulo pa kalendala, vuto lili pa wotchi.

Kalatayi izipita tsiku lililonse, ngakhale Lamlungu, ngakhale zigayo zonse zitalembedwa SANATUMIZE. Ena amaika sefa yoti isapite ngati palibe malipoti, poopa kudzaza imelo. Ndikutsutsana nazo. Mukatero, m'mawa wopanda kalata umatha kutanthauza kuti anyamata sanatumize kapena kuti makina afa, ndipo simungasiyanitse. Ikamabwera mosadumphitsa, kusabwera kwake kuli ndi tanthauzo limodzi basi. Zikatero yambani ndi chikwatu cha `Spam`, kenako tsegulani `History` ku Make muone pamene yaimira. Kawirikawiri ndi chilolezo: mukasintha pasiwedi ya Gmail, Google imachotsa chilolezo chimene munapatsa Make chotumizira makalata, ndipo muyenera kulumikizanso. Ikalephera kangapo motsatizana, Make imazimitsa yokha, ndipo siidziyatsa mukakonza vutolo.

Pa chilolezo chomwecho ndinenepo mawu amodzi. Mukupatsa kampani yakunja mphamvu yotumiza makalata m'dzina lanu ndi yowerenga matebulo anu. Tsegulani akaunti ya Gmail ya bizinesi yokha, osati ija muli makalata a kubanki ndi zithunzi za ana. Ulalo wa fomu nawonso perekani kwa oyendetsa zigayo okha, chifukwa aliyense amene ali nawo atha kudzaza.

Pali chimene makinawa sangachite. Tebulo limaphatikiza zimene lapatsidwa, silidziwa ngati zitini zimene zinagayidwa zikugwirizana ndi ndalama zimene zalembedwa. Njira yothandiza ndi kuwonjezera funso lachinayi pa fomu, la mayunitsi otsala pa mita ya magetsi, chifukwa mayunitsi odyedwa ndi ndalama zopezedwa zimayendera limodzi, ndipo zikayamba kutalikirana mumadziwa koyang'ana. Komabe kope lolembamo ndalama pachigayo lisatayidwe. Sabata yoyamba, m'mawa uliwonse, yerekezani kalata ndi kopelo, ndipo tsiku lina muuze mnyamata mmodzi asatumize dala, wina atumize kawiri. Mukaona mawu awiri aja afika pa mizere yoyenera, pamenepo mutha kusiya kuimba mafoni a madzulo. Ndipo bandulo yodzazira fomu muziwagulira ndinu bwana, isatuluke m'thumba mwa anyamata.