Meseji yafufutika, ndalama sinafufutike

 Lero ndabwera ndi nkhani imene inandichititsa manyazi pang'ono mu 2024, koma ndaona kuti ndikaibisa ena mwa inu mudzagwa m'dzenje lomwelo.

Pasukulu pathu tili ndi kathumba kothandizana pa maliro ndi matenda. Tilimo aphunzitsi 24, ndipo aliyense amasonkha K5,000 pamwezi. Msungichuma anali ine. Ena ankandipatsa pamanja, koma ambiri ankangotumiza pafoni, ine n'kulemba m'kope ndikaona meseji. Mu Epulo foni yanga inayamba kumangozima yokha. Mnyamata wokonza mafoni kumsika anandiuza kuti njira ndi imodzi, kuipukuta yonse kuti iyambirenso mwatsopano. Ndinavomera ndisanaganize. Mameseji onse anapita.

Patangotha sabata, tikuwerengetsa ndalama mu sitafu rumu, ndinawerenga maina a amene anali ndi ngongole. Mnzathu wina wachikulire, wophunzitsa Jogalafe, anaimirira.

"A Msungichuma, dzina langa likutani pamenepo? Ndinakutumiziranitu K15,000 ya miyezi itatu kumapeto kwa Febuluwale."

"Pepani bambo, m'kope mwanga mulibe. Mungationetse meseji?"

Analibe meseji. Inenso ndinalibe. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu anakhala pansi ngati wakuba, ndipo ena ankandiyang'ana ine ngati wakubayo ndi ine.

Mfundo yanga ndi iyi: ambirife timaitenga meseji ngati kuti ndiyo lisiti yeniyeni, pamene si choncho. Meseji ndi chidziwitso chabe, ngati mwana amene wathamanga kudzakuuzani kuti kwabwera alendo. Nkhani yeniyeni imalembedwa m'makompyuta a kampani. Ndalama iliyonse yolowa kapena kutuluka ili ndi nambala yakeyake, tsiku, nthawi, kuchuluka kwake, kumene yachokera kapena kupita, ndi ndalama zotsala. Kufufuta meseji pafoni panu sikukhudza zolembedwazo, monganso kutaya khadi ya zotsatira za mayeso sikufufuta malikisi amene ali m'buku la kuofesi. Ndiye musavutike kufunafuna meseji imene inapita. Funani sitetimenti.

Ndikunena izi chifukwa poyamba nanenso ndinasochera. Mphunzitsi wina wachinyamata anandiuza za timapulogalamu tolonjeza kubweza mameseji ofufutika. Ndinayesa kamodzi, kanayamba kupempha chilolezo chowerenga mameseji anga onse, kuphatikizapo manambala achinsinsi amene banki imatumiza. Ndinakachotsa msanga. Foni ikapukutidwa yonse, n'zovuta kwambiri kuti kapulogalamu kotere kapeze kanthu, pokhapokha ngati munali mutasunga mameseji anu kwina foniyo isanapukutidwe.

Njira zoona zilipo zitatu, ndipo zimasiyana kutalika kwa dzanja. Yoyamba ndi yoimba kanambala kaja timaimba potumiza ndalama, `*211#` kwa a Airtel Money ndi `*444#` kwa a TNM Mpamba. Mukalowa, funani mbali yokhudza akaunti yanu, ndipo m'menemo funani mawu onga `Mini Statement`. Sindikupatsani manambala oti mudine chifukwa mndandandawu amausinthasintha. Ubwino wake ndi woti imatheka ngakhale pa kafoni kamabatani, popanda bandulo. Kuipa kwake ndi koti imangoonetsa zochitika zochepa zomalizira. Ngati mkangano ndi wa dzulo, yakwana. Kwa ine, amene ndimagula mayunitsi ndi magetsi pafupipafupi, za Febuluwale zinali zitakwiririka kalekale.

Yachiwiri ndi apu ya kampaniyo, kwa amene muli ndi foni zamakono. M'menemo mumapezeka mbiri ya zimene mwachita, kawirikawiri pa mawu onga `Transaction History`. Mbiriyi simakhala m'foni mwanu, apu imachita kukaitenga kukampani, n'chifukwa chake mukaikanso apu pa foni yopukutidwa kapena yatsopano imabwerabe, bola nambala ikhale yomweyo. Imafika patali kuposa njira yoyamba, koma nayonso ili ndi malire ake. Ngati tsiku limene mukufuna silikuoneka, musafulumire kunena kuti ndalamayo sinabwere.

Yachitatu ndiyo inandipulumutsa: kupita kuofesi ya kampaniyo kukapempha sitetimenti yonse. Ndikunena ofesi yeniyeni, osati kwa ejenti wa pa ambulera. Ejenti amangoona zochitika za pa layini yake, za inu sangazione. Ndinatenga chiphaso cha unzika ndi foni imene munali simu khadi. Anandifunsa masiku amene ndikufuna, ndinati kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Malichi, ndipo nditasainira ananditumizira pa imelo. Ndikukulangizani kutchula masiku enieni chonchi, ndiponso kuonjezera sabata kutsogolo ndi kumbuyo, pakuti munthu akati "kumapeto kwa mwezi" nthawi zina amatanthauza pa 3 mwezi wotsatira. Funsaninso musanayambe ngati pali kolipira.

Apa pali chopunthwitsa chimene chagwetsa ambiri. Sitetimenti amapatsa mwini nambala, ndipo mwini nambala ndi amene chiphaso chake chinalembetsa simu khadiyo. Kuyambira pa kalembera wa masimu khadi wa 2018, alipo ambiri amene akugwiritsa ntchito layini yolembetsedwa m'dzina la mkazi, mwamuna kapena mchimwene wawo. Mukapita nokha ndi layini yotere adzakubwezani, ndipo sadzakhala atalakwa. Mungakondwe kodi mutamva kuti mlamu wanu wapatsidwa pepala la ndalama zanu zonse pongotchula nambala yanu? Pitani ndi mwini dzinalo, ndipo mukakhala komweko funsani zosinthira layiniyo m'dzina lanu. Ndi inu ana anga, wina akakuimbirani foni kuti ndi wa kukampani ndipo akufuna pini yanu kuti akutumizireni sitetimenti, dulani foniyo. Pini mumalemba nokha pa foni yanu, simuuza munthu, ngakhale wa muofesi.

Tsopano pepala lija. Ndinalisindikiza, masamba anayi, n'kuyamba kusaka dzina la bambo a Jogalafe. Linalibemo. Ndivomere, mtima unakhala pansi, ndinati ndapambana mlandu. Koma mkazi wanga, amene amagulitsa zitenje ndipo amazidziwa bwino zinthu izi kuposa ine, anati, "Bambo a kunyumba, siyani kusaka dzina, sakani ndalama." Tinayambanso, tsopano tikuyang'ana K15,000 iliyonse yolowa. Inalipo imodzi yokha, Lachiwiri pa 27 Febuluwale, nthawi itangopitirira 4 koloko madzulo. Ndalama zotsala zinachoka pa K62,300 kufika pa K77,300. Dzina limene linali pambali pake linali la kashopu kena ka pamsika.

Pomwepo ndinakumbukira. Meseji imeneyo ndinaiona tsiku lomwelo, ndipo poti mlamu wanga anali atandilonjeza kubweza K15,000 imene ndinam'kongoza, ndinangoti ndi iyeyo. Mawa lake ndinagulira magetsi ndi ndiwo. Nditamuimbira mlamuyo anayankha mosachita manyazi kuti sanatumizebe, zinthu zavuta.

Chinachitika n'chakuti bambo aja sanatumize kuchokera pafoni yawo. Anapereka ndalama pamanja kwa ejenti, ejentiyo n'kuika mu akaunti yanga. Zikatere makompyuta amalemba ejenti, pakuti ndiye watumiza. N'chifukwa chakenso bambowo analibe meseji iliyonse. Foni yawo sinakhudzidwe n'komwe. Kuti tisangodalira kuganizira, tinapita limodzi kwa ejentiyo. Mwamwayi ndi mmodzi wa amene amalemba zonse m'kabuku. Pa tsiku la 27 panali nambala yanga, K15,000, ndi siginecha ya bambowo, ndipo nambala ya chochitikacho inafanana ndi ya pa sitetimenti yanga chilembo ndi chilembo. Lolemba lotsatira ndinaimirira mu sitafu rumu momwemo n'kupepesa pamaso pa onse, ndipo ndinabweza K15,000 ya gulu kuchokera m'thumba mwanga.

Mwaona kuti sitetimenti sinena zonse. Imanena kuti ndalama inalowa, liti, zingati, kudzera kwa yani. Sinena kuti inali ya chiyani kapena kuti anaipereka kwa ejenti ndani. Mbali imeneyo ndi ya kope lanu, ndipo kope langa ndi limene linalephera.

Komabe ndimaikhulupirira kuposa meseji, ndipo apa ndimatsutsana ndi anzanga amene amati munthu akaonetsa meseji nkhani yatha. Meseji ikhoza kupekedwa. Tonse talandirapo ija yoti mwalandira ndalama, kenako wina n'kuimba akulira kuti watumiza molakwitsa, mum'bwezere. Chithunzi cha meseji chotumizidwa pa WhatsApp nacho chikhoza kukonzedwa. Ndipo ngakhale meseji yoona ikhoza kusocheretsa. Pa kuwerengetsa komweko, mayi wina mnzathu anationetsa meseji yake yeniyeni yoti anatumiza K10,000, koma pa sitetimenti yanga panalibe. Titayang'anitsitsa tinapeza kuti analakwitsa nambala imodzi, ndalamayo inapita kwa munthu wosam'dziwa. Akanazindikira tsiku lomwelo n'kuimbira kampani, mwina ikanagwidwa isanatapidwe. Patapita milungu isanu ndi umodzi panalibenso chogwira.

Wina anganene kuti zonsezi ndi chintchito, kukwera minibasi ndi kukaima pamzere chifukwa cha K15,000. N'zoona, kwa amene akuphunzitsa kutali ndi tauni ulendowo ukhoza kudya ndalama yofanana ndi imene akukanganirana. Ndiye yambani ndi njira ziwiri zoyambazo, ndipo muuzenso mnzanuyo ayang'ane mbiri ya kumbali yake, pakuti chochitika chimodzi chimalembedwa kwa wotumiza ndi kwa wolandira yemwe. Ulendo wa kuofesi ukhale womaliza. Koma pamene dzina la munthu lili pachiswe, ine ndiona kuti thiransipoti ndi yotchipa.

Usungichuma sanandilande, kaya ndi chifundo kaya palibe wina akuufuna. Ndalama za gulu tsopano zili pa layini yakeyake imene sindiguliranso magetsi. Pa 5 mwezi uliwonse ndimatsegula mbiri ya mu apu n'kuifananitsa ndi kope, ndipo aliyense wotumiza kudzera kwa ejenti amayenera kundiuza tsiku lomwelo dzina la shopu ndi nambala ya chochitikacho. Bambo a Jogalafe anasiyiratu za pafoni. Amandipatsa pamanja, ndipo sachoka mpaka nditasaina m'kabuku kawo.

Mlamu uja sanabwezebe.