Chipinda chotchipa cha kutali chimadya mpamba

Wamalonda wa ku Kazuni akapita ku Lilongwe kukapikula zitenje kapena mabelo a kaunjika, kawirikawiri amagonako masiku atatu. Ambiri amangofunsa mtengo wa chipinda basi. Koma mtengo weniweni ndi wa chipindacho kuphatikiza ndalama yoyendera pakati pa pogona, popikula ndi depoti.

Depoti ya mabasi, mashopu a mumsewu wa Malangalanga ndi msika wa Tsoka zonse zili m'dera limodzi, ku Eliya 2 ndi m'mbali mwake. Mwachitsanzo, ngati resitihausi ya pafupi ikulipiritsa K25,000 usiku umodzi, masiku atatu ndi K75,000. Ngati ya ku Eliya 25 ili pa K15,000, masiku atatu ndi K45,000, ndipo munthu amaona ngati wapulumutsa K30,000. Koma minibasi ikakhala K2,500 ulendo umodzi, kupita ndi kubwerera masiku atatu ndi K15,000. Tsiku lonyamuka, mabelo safika pa depoti m'bandakucha popanda kuhaya galimoto, mwina pa K20,000. Zonse pamodzi ndi K80,000. Chotchipa chija chadula, osawerengera nthawi yothera pamzere wa magalimoto m'mawa, pamene anzake akusankha kale katundu wabwino.

Kwa wa ku Kazuni, tsiku lonyamuka ndi lomwe limalamula. Ulendo wake ndi wa magalimoto atatu: Lilongwe mpaka Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 350 pamsewu wa M1, kenako Mzuzu mpaka pa boma la Rumphi, ndiye ina yolowera ku Kazuni. Akaphonya basi yoyamba, amafika pa Rumphi kutada, magalimoto a kumudzi atapita kale. Pamenepo walipiranso pogona kachinayi.

N'zoona kuti pafupi ndi depoti pali mavuto ake: phokoso la mabala usiku wonse ndiponso akuba odziwa kuti mlendo wanyamula mpamba. N'chifukwa chake wochenjera amaona chipinda kukadali kowala asanalipire. Amayesa loko ndi mawindo, amafunsa ngati pali mlonda, ndiponso ngati geti imatsegulidwa 4 koloko m'mawa. Katundu akasungidwa m'stolo ya eni malo, awerengedwe ndi kulembedwa pa lisiti. Ndalama zambiri zikhale mu Airtel Money kapena Mpamba, osati pansi pa pilo. Wofuna bata pang'ono angafunse ku Mchesi kapena ku Kawale, komwe kabaza amafika mosavuta.

Kugona kutali kumapindula kwa amene wabwera chimanjamanja kudzangoona mitengo, kapena amene ali ndi mbale womusunga. Koma wonyamula mpamba polowa ndi mabelo potuluka agone poti angayende wapansi kukafika pa depoti, makamaka usiku womaliza.