Apilo pa YouTube Ndi Imodzi Yokha

Wopanga makanema akapatsidwa chilango pa YouTube, dzanja limathamangira kufufuta kanemayo, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Kufufuta sikuchotsa chilango, kumangotseka khomo la apilo. Chilango choyamba chimamuletsa kuika makanema kwa sabata imodzi, chachiwiri masabata awiri, ndipo zikakwana zitatu m'masiku 90 tchanelo chimatsekedwa. Wochenjera amayamba wawerenga uthenga wonse, chifukwa umatchula lamulo lomwe akuti waphwanya. Tiyerekeze mtolankhani amene kanema wake wa ngozi ya basi wachotsedwa chifukwa choonetsa anthu ovulala. Akalowa mu YouTube Studio n'kudina Appeal, kudandaula kuti ana agona ndi njala sikumuthandiza, ngakhale zili zoona. Chimene woweruza apiloyo akufuna n'chachidule: kanemayu ndi nkhani, mutu wake ukunena choncho, ndipo pa mphindi yakutiyakuti wowulutsa akufotokoza chomwe chachitika. Koma ngati magazi anaoneka popanda kufotokoza kulikonse, kuli bwino angovomera, adikire masiku 90 chilangocho chithe. Pa chilango chilichonse amachita apilo kamodzi kokha.